Phukusi lomanga anthu awiri: mmene kusamvana kumakonzedwera m'nthabwala za ku China

Amuna awiri ovala mikanjo yaitali amalowa pabwalo, amaweramira anthu, kenaka wina amaima kuseri kwa kathebulo koyalidwa nsalu, mnzake n'kuima pambali pake, poyera. Pathebulopo pamakhala chokupizira mphepo chopinda, kampango ndi kathabwa kogogodera. Zida zake ndi zomwezo basi. Palibe ng'oma, palibe chophimba kumaso, palibe nyumba yojambulidwa kumbuyo. Akayamba kuyankhula, mphindi makumi awiri kapena atatu zimatha anthu akuseka, pomwe chimene awiriwo akuchita n'kungolephera kumvana.

Luso limeneli ku China amalitcha shang'isheng'i (pofufuza pa intaneti dzinali limalembedwa kuti xiangsheng). Lilipo la munthu mmodzi, la anthu awiri ndi la atatu kapena kuposerapo, koma lofala kwambiri ndi la awiri, ndipo ndi limene ndikufuna tilione bwino. Woima poyera uja amamutcha dougeni. Ndiye wopalamula, mwini mabodza, womva zinthu mokhota. Wa kuseri kwa thebulo ndi peng'igeni, kutanthauza wonyamula ndi manja awiri, ndipo ine pano ndizimutcha wochirikiza. Iyeyu ndi munthu wabwinobwino, woganiza monga mmene omvera akuganizira.

Woonera koyamba amaganiza kuti ntchito yonse ili ndi wopalamula, popeza ndiye akuyankhula kwambiri ndipo mawu oseketsa akutuluka pakamwa pake. Eni luso amanena zosiyana. Ali ndi mwambi wakuti pa magawo khumi a seweroli, atatu ndi a wopalamula, asanu ndi awiri ndi a wochirikiza. Ine mwambiwu ndimauvomereza, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino tikaona mmene kusamvanako kumamangidwira.

Mbiri yake ndiikhudza mwachidule, chifukwa ikufotokoza maonekedwe a seweroli. Linakhwima mu mzinda wa Beijing m'zaka za m'ma 1800, chakumapeto kwa ufumu wa Qing. Dzina limene limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi la Zhu Shaowen, yemwe ankadzitcha Wosaopa Umphawi. Iye ankasewera pa Tianqiao, bwalo la msika kumene ochita masewera osiyanasiyana ankapezerako chakudya, ndipo ankakopa anthu polemba zilembo pansi ndi mchenga woyera kwinaku akuimba. Panalibe chitseko cholipiritsira. Osewera ankajambula mzere wozungulira pansi, umene ankautcha mphika chifukwa ndi mmene munkachokera chakudya chawo, ndipo ndalama ankatolera akamaliza gawo. Iwo eni ankati mphepo ikaomba phindu latheka, mvula ikagwa zonse zatha. Munthu woimirira pamsika sachita manyazi kuchoka. Choncho sewero linayenera kumugwira msanga, kumusunga, ndi kumuseketsa kwambiri pa mphindi yomaliza, dzanja lisanalowe m'thumba.

N'chifukwa chake mpaka lero seweroli lili ndi magawo anayi. Limayamba ndi macheza oyalira, pomwe awiriwo amayesa omvera kuti aone ngati ndi oseka msanga kapena ouma. Pamabwera kamlatho kolowera m'nkhani, kenaka nkhani yeniyeniyo, ndipo pamapeto pali chimene amachitcha tsinde, nthabwala yaikulu imene ikangotuluka awiriwo amawerama n'kuchoka.

Mawu ofunika kuwagwira pa luso lonseli ndi baofu, kutanthauza phukusi. Nthabwala iliyonse amaiona ngati phukusi la nsalu. Umayala nsaluyo, umaikamo zinthu chimodzichimodzi anthu akuona koma osazindikira zimene ukuchita, umamanga, ndipo nthawi ikakwana umalikutumula, zonse n'kumwazika. Phukusi likaseketsa amati lalira. Likapanda kuseketsa amati silinalire. Palinso lamulo la mawerengedwe lakuti utembenuze katatu, kachinayi ukutumule. Maulendo atatu oyambawo ndi ophunzitsa omvera njira imene nkhani ikuyenda, kuti ulendo wachinayi ukakhota aimve kukhotako.

Nthabwala za m'Chitchaina sizisamuka bwino, chifukwa zambiri zimatsamira pa mawu omveka mofanana. Chimandarini, chomwe ndi Chitchaina chofala kwambiri, chili ndi maphatikizo pafupifupi 400 okha tikapanda kuwerengera kakwezedwe ka mawu, kamene kali ndi mitundu inayi, ndiye mawu ofanana kamvekedwe ndi ochuluka zedi. Ife a Chichewa tili ndi mwayi womvetsa zimenezi, popeza nafenso tili ndi mawu otere. Ndapeka kachitsanzo kanga kotsata malamulo awo, kuti tione phukusi likumangidwa m'chiyankhulo chathu.

Wochirikiza: Achimwene, dzulo ndinapita kumsika kukagula mbuzi, koma mtengo wake unandibweza.

Wopalamula: Pepani kwambiri. Unali wa minga?

Wochirikiza: Minga yanji? Ndikunena kuti unali wokwera.

Wopalamula: Oo, wokwera. Mukanangobwereka makwerero.

Wochirikiza: Makwerero a chiyani? Ndikuti mtengowo unali wodula.

Wopalamula: Wodula kale? Nanga makwerero aja mumawafuniranji?

Wochirikiza: Za makwerero mwayambitsa ndinu! Ine ndikunena ndalama, achimwene. Mtengo wa ndalama!

Wopalamula: Mtengo wa ndalama? Inu munauona mtengo wa ndalama, n'kumalimbana ndi mbuzi?

Wochirikiza: Chokani apa inu!

Taonani kumene mawu onse osokonezawo akuchokera. Mtengo, wokwera, wodula, mtengo wa ndalama: onsewa akutuluka pakamwa pa wochirikiza. Wopalamula sanabweretse kalikonse, akungotola zimene wapatsidwa. Chovuta n'chakuti wochirikiza ayenera kuwanena ngati munthu amene akuyesetsadi kukonza zinthu. Akawanena mowatsindika, ngati akuuza omvera kuti mverani apa pakubwera nthabwala, phukusi latseguka lisanamangidwe. Mawu oti wokwera ndi wodula ndi amene munthu aliyense wochokera kumsika angawagwiritse ntchito, ndipo ndi chifukwa chake msamphawo suoneka.

Chachiwiri, pali mawu amodzi amene akanathetsa mkangano wonse pa mzere woyamba, ndiwo ndalama. Wochirikiza akuwasunga mpaka ulendo wachinayi, koma omvera sayenera kuona kuti akuwasunga. Apa ndi pamene mkwiyo wake umagwira ntchito. Pa ulendo woyamba akungodabwa, pa wachiwiri wayamba kutopa, pa wachitatu akuimbidwa mlandu wa makwerero amene sanawatchule, ndiye akapsa mtima n'kufuula mawu omveka bwino kuposa onse, mawu omwewo ndi amene akumugwetsa. Akanakwiya kwambiri pa ulendo woyamba sakanakhala ndi pokwera. Akanakhala wofatsa mpaka pamapeto, kufuulako kukanaoneka kopanga. Kukwera kwa mkwiyo wa wochirikiza ndi kumene kumauza omvera kuti tili pati m'nthabwala, ngakhale iwo sakuwerenga.

Chachitatu chikukhudza wopalamula. Iye si wamisala. Ali ndi chithunzi chimodzi m'mutu, cha mtengo womera pansi, ndipo yankho lake lililonse ndi lanzeru m'kati mwa chithunzicho. Mtengo umene ungabweze munthu ndi wa minga, wautali umafuna makwerero, wodulidwa kale sufuna makwerero. Amakumbukiranso zimene zanenedwa kale, n'chifukwa chake makwerero akubwereranso. Woseka akuseka chifukwa akuona misewu iwiri nthawi imodzi, wa malonda ndi wa nkhalango, pomwe aliyense wa awiriwo akuona umodzi. Wopalamula akanangoyankha zosagwirizana ndi kalikonse, monga kunena za agogo ake kapena za mpira, pakanakhala phokoso chabe. Munthu amaseka zopanda mutu kamodzi, kachiwiri amayang'ana kumbali.

Wina anganene kuti poyankhula, mtengo womera ndi mtengo wa malonda sizimveka chimodzimodzi, chifukwa mawu timawakweza mosiyana. N'zoona, ndipo a ku China nawonso amakumana ndi zomwezo. Omvera amakhululuka kusiyana kochepa kotere pa ulendo woyamba, malinga ngati maulendo otsatirawo ali olimba. Chimene sakhululuka ndi mawu okokedwa ndi chingwe, amene munthu wamba sangawanene pamalopo.

Mzere womaliza uja, wakuti chokani apa, si wongodzazira. M'masewero akale a ku Beijing ndi Tianjin wochirikiza amatseka ndi mawu ofanana nawo, othamangitsa mnzakeyo kapena omuuza kuti aleke kudziputira mwano. Ntchito yake ndi kuuza omvera kuti phukusi latseguka, sekani tsopano. Nthawi yowanenera ndi yopapatiza. Akafulumira amapondereza mawu a wopalamula anthu asanawameze. Akachedwa, kuseka kumayamba kodukaduka, wina apa wina apo, ndipo sikugwirana. Eni luso amagwiritsa ntchito mawu a telala, amati muyeso, ndipo dzina lina la ntchito ya wochirikiza ndi kuyeza.

Tsopano tione sewero lawo lenileni. Pali kasewero kakale kodziwika ndi dzina lakuti Ng'oma ya Chule, kamene kanadutsa pakamwa pa mibadwo ya osewera, moti tsatanetsatane wake amasiyana pang'ono malinga ndi wosewera. Muno kusamvana sikuyambira pa mawu ofanana ayi, kukuyambira pa kufotokoza. Wopalamula amafunsa funso looneka losavuta: chule ndi kanthu kakang'ono, nanga bwanji kamalira mokweza chotere? Wochirikiza, amene wangodzitama kumene kuti amadziwa zinthu, amayankha kuti n'chifukwa chule ali ndi kamwa lalikulu ndi khosi lonenepa. Wopalamula amatenga yankholo ngati lamulo la chilengedwe chonse. Amati kunyumba kwake kuli dengu lotayamo mapepala, la kamwa lalikulu ndi khosi lonenepa, koma silinalirepo. Wochirikiza amathawira kwina, amati dengulo ndi lansungwi, ndipo zansungwi sizilira. Mnzakeyo amatchula chitoliro chansungwi chimene chimalira bwinobwino. Icho chili ndi mabowo, akutero wochirikiza. Nanga sefa, imene ili ndi mabowo okhaokha?

Unyolowo umapitirira choncho. Chinthu chozungulira ndi chophwatalala sichilira, koma chimbale chamkuwa chozungulira choomba m'magule chimalira. Chachitsulo sichilira, koma belu la kukachisi limalira. Belu limalira chifukwa ndi lopachika, koma mwala wa sikelo nawo ndi wopachika ndipo uli chete. Chakumapeto mawu ofanana amayamba kulowerera. Bomba limalira chifukwa muli wonga, ndipo m'Chitchaina liwu la wonga ndi limodzi ndi la mankhwala, ndiye wopalamula amafunsa chifukwa chake sitolo ya mankhwala siphulika. Potsiriza amafika pa tayala, limene limaphulika chifukwa muli mpweya. Liwu la mpweya m'chiyankhulo chawo limatanthauzanso mkwiyo. Wopalamula amafunsa mnzakeyo ngati, atakangana nthawi yonseyi, ali nawo m'kati mwake. Iye, atafika pakhosi, amavomera mokalipa kuti ali nawo wambiri. Ndiye bwanji simukulira?

Kaseweroka ndimakakonda chifukwa kakuonetsa poyera kuti wopusa si mmodzi. Wopalamula akulakwitsa potenga chifukwa cha chinthu chimodzi n'kuchivalitsa pa zinthu zonse. Koma wochirikiza nayenso ali ndi nthenda yake, yosafuna kunena kuti sindikudziwa. Akanavomera pa dengu lija kuti yankho lake loyamba linali loperewera, sewero likanathera pomwepo. M'malo mwake amapeka lamulo latsopano pa mzere uliwonse, ndipo lamulo lililonse ndi khomo limene mnzakeyo akulowerapo. Omvera amayamba ali kumbali ya wochirikiza, pakati amapezeka akudikira mwachidwi kuti athawira kuti tsopano, ndipo pamapeto mkwiyo wake, umene akhala akuuona ukukula, ndiwo umasanduka chomangira nthabwala yomaliza. Phukusi lalikululo linkamangidwa pankhope pake kuyambira pa chule.

Masewero a mtundu uwu, pomwe awiriwo akulandizana mawu mofanana, ali ndi gulu lawolawo, losiyana ndi lina limene amalitcha lolemera mbali imodzi. M'gulu lachiwirili wopalamula amasimba nkhani yaitali, ndipo wochirikiza amangoponyamo timawu: ee, kodi, ndiye, zoona? Apa ndiye pomwe anthu amamupeputsa kwambiri. Amene anakhalapo pa nthano madzulo akudziwa mmene wosimba amafookera anthu akaleka kuyankha kuti tili tonse, kapena akamayankha mochedwa ngati akuodzera. Wochirikiza ali pa ntchito yomweyo, koma iye yekha m'malo mwa bwalo lonse, ndipo timawu take tiyenera kusintha kakomedwe malinga ndi pamene nkhani yafika. Liwu lakuti kodi pena ndi lofunsa, pena ndi lokayika, pena ndi la munthu amene wayamba kuzindikira kuti akunamizidwa. Nthawi zina amabwereza liwu limodzi la wopalamula ngati akungotsimikiza, pomwe cholinga chake n'chakuti liwulo likhazikike m'makutu mwa anthu, chifukwa lidzafunika pakatha mphindi zisanu.

Osewera eni anapanga sewero pa mkangano umenewu. Su Wenmao ndi Zhu Xiangchen a ku Tianjin amakumbukiridwa ndi sewero limene wopalamula amanyoza mnzake kuti ntchito yake ndi timawu towerengeka timene aliyense angatiloweze, kenaka amasinthana malo kuti aone. Mwambo wa kaphunzitsidwe nawo ukunena zambiri. Kawirikawiri mphunzitsi kapena wamkulu ndiye amaima kuseri kwa thebulo kuti wophunzira apalamule, chifukwa wachinyamata akathamanga, akaiwala mzere kapena akasochera, wa kuthebulo ndiye angamubweze anthu osazindikira. Hou Baolin, amene anabadwa mu 1917 n'kumwalira mu 1993, ndipo ambiri amamuyesa katswiri woposa onse wa m'zaka za m'ma 1900, anasewera zaka zoposa 20 ndi Guo Qiru, munthu wamkulu kwa iye ndi zaka zambiri, kuyambira mu 1940 ku Tianjin.

Hou Baolin yemweyo ali ndi chitsanzo chabwino cha mtundu wachitatu wa kusamvana, wochokera pa kusiyana kwa ziyankhulo za m'dziko limodzi. Amasimba za munthu wa ku Beijing amene walowa mometera tsitsi ku Shanghai. Wometa akumuuza kuti tsopano amutsuka mutu, koma liwu la ku Shanghai la kutsuka limamveka ngati liwu la ku Beijing la kumenya. Mlendoyo akukhala pampando ali ndi mantha, akudabwa kuti malo ano ali ndi mwambo womenya makasitomala. Kuti nthabwala yotere ilire, wosewera ayenera kutha kuyankhula Chishang'ihai momveka ngati chenicheni. N'chifukwa chake kutsanzira ndi limodzi mwa maluso anayi amene wophunzira aliyense amaphunzitsidwa, pamodzi ndi kuyankhula, kuseketsa ndi kuimba.

Pano pali kusiyana kumene owerenga a kwathu angakuone msanga. Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankalowa m'anthu awo n'kukhalamo mpaka sewero litatha. Osewera a ku China amalowa ndi kutuluka. Wopalamula amakhala iye mwini, kenaka m'kanthawi wasanduka wometa, watembenuza mutu wasanduka mlendo, wabwereranso kukhala wosimba. Kampango kaja kakakhala pamutu ndiye kuti ndi mayi wokalamba, chokupizira chija chimakhala lupanga, cholembera kapena timitengo todyera. Pa kulowa ndi kutuluka konseku, wochirikiza ndiye amene sasuntha, ndipo omvera akasokonezeka amayang'ana iye kuti adziwe kumene ali.

Kodi sewero lotere limawonongeka bwanji, ndipo woonera angadziwe bwanji? Njira yoyamba ndi kuulula tsinde nthawi isanakwane, chimene pakati pa osewera chimatengedwa ngati cholakwa chachikulu. Chimachitika ndi liwu limodzi lotuluka msanga, kapena ndi nkhope. Wochirikiza akayamba kumwetulira mnzake asanamalize, wauza anthu kuti akudziwa zimene zikubwera, ndipo munthu wodziwa zimene zikubwera sangakhale wosokonezedwa. Chimodzimodzi wopalamula amene akuyang'ana omvera ndi diso lakuti taonani kuchenjera kwanga. Iye ayenera kukhulupirira mtengo wake wa minga ndi mtima wonse, ndipo pepani wake akhale wochokera pansi pa mtima.

Njira yachiwiri ndi wochirikiza wosirira kuseketsa. Zimachitika makamaka kwa amene ali ndi luso, amaona mpata n'kuponyamo nthabwala yake pakati pa maulendo atatu aja. Anthu amasekadi, koma aseka pamalo olakwika, ndipo mphamvu imene inkasonkhanitsidwira ulendo wachinayi yatayika panjira. Mudzazindikira zimenezi mukaona sewero limene munali kuseka pang'onopang'ono ponseponse koma pamapeto panangoti zii. Sikuti wochirikiza saloledwa kuseketsa. Yu Qian, wochirikiza wa wosewera wotchuka Guo Degang, amadziwika ndi mayankho aafupi amene amagwetsa nyumba. Koma amawaika phukusi litatseguka kale, monga chowonjezera, osati likumangidwa.

Njira yachitatu ndi kusadziwa polekera. Unyolo wa chule ndi wautali, koma mphete iliyonse ndi chinthu chatsopano ndipo liwiro limakwera. Kusamvana kumodzi komweko kukabwerezedwa kachisanu ndi kachisanu n'chimodzi popanda chatsopano, omvera amayamba kufunsa m'mitima chifukwa chake wochirikiza sakungonena zomveka. Funso limenelo likangobadwa, sewero lafa, chifukwa anthu aleka kuona anthu awiri osamvana ndipo akuona osewera awiri akukoka nthawi.

Pali malire ena amene si a luso koma a umunthu, ndipo a ku China analimbana nawo poyera. Masewero a pamsika anali ndi zolaula zambiri. Analinso ndi nthabwala zotsanzira ogontha, pomwe kusamvana kumachokera pa chilema, zonyoza anthu akumudzi chifukwa cha kayankhulidwe kawo, ndi zina zokola mnzako ndi mawu mpaka akutche bambo ake mosazindikira. Mu 1950 osewera a ku Beijing, Hou Baolin ali m'gulumo, anakhazikitsa kagulu kokonzanso luso lawo, mothandizidwa ndi mlembi Lao She, ndipo zambiri za izi anazichotsa kapena kuzilembanso. Kukonzaku kunachitika pansi pa boma latsopano la chikomyunizimu, ndipo kunabwera ndi mtolo wake, chifukwa sewero linayamba kufunsidwa kuti litamande ndi kuphunzitsa, zinthu zimene nthabwala sizichita bwino. M'zaka za chipwirikiti cha 1966 mpaka 1976 luso lakale linatsala pang'ono kuzimiririka ndipo akatswiri ake ambiri anazunzidwa. Komabe pa nkhani ya ogontha ndi akumudzi ine ndili kumbali ya okonzawo, ndipo chifukwa changa n'cha luso lomwe. Munthu amene sanamve chifukwa khutu lake silimva sanalakwe kalikonse, ndiye palibe chimene chikuululika pa iye. Wopalamula wabwino amamva mokhota chifukwa cha dyera, kunyada kapena liuma. Wa mbuzi uja wagwa pa mtengo wa ndalama chifukwa mtima wake uli pa ndalama, ndipo ndi zimenezo zimene tikuseka.

Wailesi ndi kanema zinafalitsa seweroli dziko lonse. Chisangalalo cha chaka chatsopano cha pa kanema wa boma, chimene chinayamba mu 1983, chinapanga osewera monga Ma Ji ndi Jiang Kun kukhala odziwika m'nyumba iliyonse, ndipo mu 2008 luso limeneli linalowa m'ndandanda wa chuma cha chikhalidwe chotetezedwa ndi dziko. Koma kanema ali ndi vuto limodzi pa phukusi, ndilo nthawi. Sewero limene m'nyumba yomwera tiyi mochitikira masewero limatenga theka la ola, pa kanema limapatsidwa mphindi khumi ndi zochepa, mawu ake atavomerezedwa kale ndipo osaloledwa kusintha. Choyamba kudulidwa ndi macheza oyalira ndi maulendo atatu aja, chifukwa papepala amaoneka ngati mizere yosaseketsa. Chotsala ndi nthabwala zondondozana zopanda poyambira.

Kutchuka kwa Guo Degang ndi gulu lake la Deyun cha m'ma 2005 kunachokera kwambiri pa kubwerera m'tinyumba ting'onoting'ono ta masewero ku Beijing, kumene sewero limatalika mmene likufunira ndipo omvera amayankha mokuwa. Anthu ena amamudzudzula kuti anabwezanso zina mwa zotukwana zimene zinachotsedwa mu 1950, ndipo pamenepo sakunama. Koma m'nyumba yotere wochirikiza amapezanso ntchito yake yonse. Amamvetsera chipinda. Anthu akakhala ochedwa kugwira, amabwereza liwu lofunika kapena kufunsa funso lina kuti awapatse mpata. Akakhala othamanga moti ayamba kununkhiza tsinde, amadumpha mzere kuti afikeko iwo asanafike. Wina akakuwa kuchokera kumbuyo, wopalamula n'kumuyankha za pompopompo, wa kuthebulo ndiye amakumbukira pamene anasiyira ndipo amaponya funso lowabwezera m'njira. Zonsezi amazichita osakambirana, ndipo n'chifukwa chake awiri akagwirizana sasiyana wamba. Guo Degang ndi Yu Qian akhala akusewera limodzi kwa zaka zoposa 20.